KUYESA DOTHI LA NJERWA MUNTHU ASANAYAMBE KUUMBA

Mvula ikatha, ndipo chimanga ndi thonje zikatuluka m'minda, anthu ambiri m'boma la Mambwe ayamba kuganiza za njerwa. M'midzi ya kwa Jumbe, kwa Mnkhanya, kwa Kakumbi, kwa Nsefu, kwa Msoro ndi kwa Malama mauvuni aoneka m'mbali mwa njira kuyambira nyengo yachisanu kufikira mvula itayandikira. Koma si uvuni uliwonse umene umanga nyumba. Alipo anthu amene aumba njerwa zikwi zisanu, nadula nkhuni ngolo zambiri, nachezera pamoto usiku utatu, koma pofumula uvuni apeza kuti theka la njerwa ndi zibenthu, ndipo zotsalazo zinyenyeka m'manja. Pamenepo mwaka wapita, nkhuni zatha, ndipo banja ligonanso m'nyumba yakale ija dzinja lonse.

Kawirikawiri cholakwa sichikhala pa moto kapena pa chikombole ai. Chikhala pa dothi, ndipo chikadadziwika kale ndi njerwa makumi atatu zokha, munthu asanaumbe zikwi. Pali mayeso atatu amene mlimi aliyense angathe kuchita pakhomo pake popanda kulipira kanthu. Loyamba liona kunanda kwa dothi, lachiwiri liona kufupika kwake pouma, ndipo lachitatu liona makhalidwe ake pamoto. Onse pamodzi atenga masabata anai kapena asanu. Chifukwa chake nthawi yabwino yowachita ndiyo Epulo ndi Meyi, kuti kuumba kwenikweni kuchitike mu Juni, Julayi ndi Ogasiti, lisanafike dzuwa la Okutobala limene m'chigwa cha Luangwa liumitsa njerwa mofulumira kwambiri ndi kuzing'amba.

CHIMENE CHIRI M'DOTHI LA NJERWA

Dothi la njerwa liri ndi zinthu ziwiri zazikulu, dongo ndi mchenga. Dongo ndilo limata ndi kugwirizanitsa zonse, ndipo likapsa bwino lilimba ngati mwala. Koma dongo limwa madzi ambiri, ndipo madziwo akamatuluka dongo lifupika ndi kung'ambika. Mchenga sufupika. Ntchito yake ndiyo kuchirikiza njerwa kuti isapindike, ndi kutsegula tinjira tating'ono totulukira madzi. Dongo likachuluka njerwa ing'aluka. Mchenga ukachuluka njerwa inyenyeka. Dothi labwino ndi limene dongo lake liri ngati gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anai, ndipo zotsalazo ndi mchenga ndi fumbi losalala.

Anthu ambiri aganiza kuti dothi lonanda koposa ndilo labwino koposa, ndipo maganizo amenewa ndiwo aononga njerwa zambiri m'chigwa. M'malo otsika a chigwa cha Luangwa muli makande, dothi lakuda lija limene limata kumapazi ndi kumiza magalimoto dzinja, ndipo chilimwe ling'ambika ming'alu yolowa dzanja. Dongo la m'makande ndi la mtundu wofufuma: likanyowa litupa, likauma lifupika kwambiri. Aliyense amene anaona mapazi a njovu ataumira m'dambo adziwa kulimba kwake. Koma ming'alu imene iri pambali pa mapaziwo ndiyo imene idzakhalanso m'njerwa.

Pansi pa mitengo ya tsanya, imene ena aitcha mupani, pakhala dothi lotuwa ndi lolimba, ndipo nthawi zambiri liri ndi mchere wa soda ndi timiyala toyera ta njereza. M'mbali mwa mitsinje monga Lupande ndi Msandile muli dothi lofewa limene madzi anasiya, lokoma kulima koma lochepa dongo. Pachulu pakhala dothi limene chiswe chinatulutsa pansi ndi kulisefa, ndipo ndilo anthu ambiri akonda kuumbira, ngakhale kuti chulu chiri chonse chitengera dothi la pansi pake. Chulu cha pamakande chikhala ndi khalidwe la makande. Chotero dzina la malo silikwanira kuweruza dothi, lifunika kuyesedwa.

KATENGEDWE KA DOTHI LOYESA

Dothi lapamwamba, la mizu ndi manyowa, siliumba njerwa. Woyesa ayenera kupalapo ndi khasu mpaka masentimita 30, kapena kufikira pamene mizu ya udzu yatha ndi maonekedwe a dothi asintha. Atatero akumbe dzenje lofika m'chiuno, ndipo atape dothi kuchokera pamwamba pa khoma la dzenje kufikira pansi, chifukwa pokumba nkhuti yeniyeni dothi lonselo lidzasakanizika. Ngati m'khomamo muoneka mizere iwiri yosiyana maonekedwe, dothi la mzere uliwonse liyesedwe palokha.

Pamalo amodzi pakumbidwe maenje awiri kapena atatu otalikirana mapazi khumi, pakuti m'chigwa dothi lisintha pafupipafupi. Ndowa imodzi ya malita 20 yodzaza dothi loponda itulutsa njerwa pafupifupi khumi, kotero ndowa ziwiri za dothi la mtundu uliwonse zikwanira mayeso onse. Dothilo liphwanyidwe, lichotsedwe miyala ndi mizu, lithiridwe madzi, ndipo ligone usiku umodzi kapena uwiri lisanapondedwe. Dothi losagona likhala ndi zibuma zouma m'kati, ndipo linamiza woyesa.

Nachi chitsanzo chimene chidzatsatidwa m'mayeso onse. Pakhale mlimi wa kwa Mnkhanya amene afuna njerwa 6,000 za nyumba yake. Pafupi ndi mudzi wake pali malo atatu: dambo la makande, dothi lofewa la kufupi ndi mtsinje, ndi chulu chachikulu chofiirira chimene chiri pamtunda. Watenga ndowa ziwiri pa malo aliwonse, ndipo waziika padera kuti zisasokonezeke.

YESO LOYAMBA: KUNANDA

Kunanda ndiko kuti dothi lonyowa lilola kupindidwa ndi kukhala momwe laumbidwira, osathyoka. Poyesa, dothi likanyidwe m'manja kufikira litafewa ngati nsima yolimba, losamatirira ku zala. Woyesa aumbe mpira wokula ngati lalanje, auimike molingana ndi phewa, nautaye pansi pouma. Mpira ukamwazika tizidutswa tambiri, mchenga wachuluka. Ukaphwatalala wosalala wopanda mng'alu uliwonse, dongo lachuluka. Ukaphwatalala pang'ono ndi kung'ambika m'mbali mokha, dothilo lipatsa chiyembekezo.

Pambuyo pake apote chingwe cha dothi chonenepa masentimita 3, ndiko kuti ngati zala ziwiri, ndi chotalika masentimita 25. Achigoneke pathabwa, nachikankhe pang'onopang'ono kuti nsonga yake ituluke kumapeto kwa thabwa ndi kulendewera, mpaka ithyoke yokha ndi kulemera kwake. Kadutswa kamene kagwa kayesedwe ndi rula ya mwana wa sukulu. Kakafupika kosafika masentimita 5, dongo lachepa. Kakatalika kupitirira masentimita 15, dongo lachuluka. Pakati pa 5 ndi 15 ndi pamene pali dothi loyenera kupita ku yeso lachiwiri. Ndi bwino kubwereza katatu, chifukwa chingwe chimodzi chingathyoke pa kamwala kapena pa muzu.

Mlimi wa kwa Mnkhanya uja apeza motere. Chingwe cha makande chilendewera masentimita 20 chisanathyoke, ndipo manja ake avuta kusamba. Chingwe cha dothi la kumtsinje chithyoka pa masentimita 4, ndipo limveka kukhakhala pakati pa zala. Chingwe cha pachulu chithyoka pa 16, pa 17 ndi pa 16. Pamenepa waona kuti palibe dothi limene lakhoza palokha, koma la pachulu lapitirira malire pang'ono chabe, ndipo lingakonzeke ndi mchenga.

Yeso ili liri ndi malire ake. Dothi likanyowa kwambiri chingwe chitalika monyenga, ndipo likauma kwambiri chithyoka msanga. Komanso yeso ili liuza kuchuluka kwa dongo, koma siliuza mtundu wake. Madothi awiri angathyoke pa muyeso umodzi, koma lina lifupika kawiri kuposa linzake. Ndicho chifukwa chake munthu sayenera kulekera pano.

YESO LACHIWIRI: KUFUPIKA POUMA

Woyesa aumbe njerwa khumi za dothi la mtundu uliwonse, ndi chikombole chimene adzagwiritsa pa ntchito yeniyeni, ndipo dothi likhale lonyowa monga momwe lidzakhalira pa tsiku loumba. Mfundo imeneyi ndi yaikulu, pakuti dothi lamadzi ambiri lifupika koposa dothi lolimba. Munthu akayesa ndi dothi lolimba, koma anyamata ake nadzaumba ndi phala, yesolo likhala lachabe.

Njerwa ikangotuluka m'chikombole, alembe pamwamba pake ndi msomali timizere tiwiri totalikirana masentimita 10 enieni, ndipo pambali alembe chizindikiro cha malo kumene dothilo linachokera. Masentimita 10 ndiwo mamilimita 100, kotero milimita iliyonse imene idzasowa pakati pa timizereto idzakhala gawo limodzi mwa magawo 100. Palibe kuwerengera kwina kofunika.

Njerwazo ziyalidwe pabwalo losalala lowazidwa mchenga, ndi kufunditsidwa udzu monga momwe njerwa zenizeni zidzachitidwira. Patapita masiku awiri kapena atatu ziimikidwe chammbali kuti mphepo ipite mbali zonse. Zauma ndithu pamene muyeso wa pakati pa timizere waleka kusintha kwa masiku atatu, ndipo munthu akathyola imodzi aona maonekedwe amodzi kuyambira kunja kufikira pakati. M'nyengo yachisanu zimenezi zitenga masiku 10 kapena 14.

Tsono kuweruza kwake nkotere. Dothi lofupika mamilimita 4 kufikira 7 ndi labwino. Lofupika 8 kapena 9 lingathe kuumba, koma lifuna kuumitsidwa mumthunzi mosamala, ndipo njerwa zambiri zidzataika. Lofupika 10 kapena kupitirira silingaumbe palokha. Lofupika 2 kapena 3 kawirikawiri likhala lopanda mphamvu, ndipo ngodya zake zifufutika munthu akazikhula ndi chala chachikulu. Chifukwa chimene kufupika kwakukulu kung'amba njerwa ndi ichi: kunja kuuma ndi kufupika msanga, pamene m'kati mukali monyowa ndi mokula, ndipo khungu lakunja ling'ambika ngati malaya othina.

Kwa mlimi uja, njerwa za makande zafupika mamilimita 11, zapindika ngati bwato, ndipo zisanu ndi ziwiri mwa khumi zang'ambika pakati. Za kumtsinje zafupika mamilimita 2 okha, zosang'ambika konse, zokongola poziona, koma imodzi yathyoka poinyamula. Za pachulu zafupika mamilimita 9, ndipo zitatu ziri ndi ming'alu.

Munthu wofulumira akadasankha za kumtsinje chifukwa cha kukongola kwake, kapena akadapirira ndi za pachulu nataya njerwa zitatu pa khumi ziri zonse. Pa njerwa 6,000 zimenezo zikadakhala njerwa 1,800 zotaika zisanaone moto. Koma mlimi uyu anali ataona kale pa yeso loyamba kuti dothi la pachulu lifuna mchenga. Chotero tsiku lomwe lija anaumbanso magulu ena awiri. Gulu loyamba anasakaniza ndowa zitatu za pachulu ndi ndowa imodzi ya mchenga wosefa wa mumtsinje wouma. Gulu lachiwiri anasakaniza ndowa ziwiri za pachulu ndi imodzi ya mchenga. Loyamba chingwe chake chinathyoka pa masentimita 11, ndipo njerwa zafupika mamilimita 6 popanda mng'alu. Lachiwiri chingwe chinathyoka pa 7, ndipo njerwa zafupika mamilimita 4, nazonso zopanda mng'alu. Magulu onse awiri akhoza, ndipo moto ndiwo udzasankha pakati pao.

Wina angafunse chifukwa chimene makande sangakonzedwe ndi mchenga momwemo. Zitheka, koma movuta kwambiri. Makande afuna mchenga wochuluka, ndipo salola kusakanizika ndi mapazi. M'phala mutsala tizibuma ta dongo lokhalokha, ndipo kachibuma kalikonse kafupika pakokha ndi kusiya mng'alu m'kati mwa njerwa. Kumene kuli dothi lina pafupi, nkwanzeru kuwasiya makande kuti azilimidwa thonje ndi mpunga.

YESO LACHITATU: MOTO

Njerwa youma ikali dothi, ndipo ikanyowa ibwerera kukhala thope. Chimene chiisandutsa njerwa yeniyeni ndi moto waukulu. Pa madigiri 500 kufikira 600 dongo litaya madzi amene anali omangika m'thupi mwake, ndipo silisungunukanso, koma likali lofooka. Mphamvu yeniyeni ibwera pa madigiri 900 kufikira 1,000, pamene timbali ta dongo tiyamba kugwirana. Woumba alibe choyesera kutentha, koma ali ndi maso. Usiku, njerwa za m'kati mwa uvuni zikaoneka zofiira modera, moto sunafike. Zikawala mofiira kwambiri kunga makala oombedwa ndi mvukuto, kupendekera ku maonekedwe a lalanje, moto wafika.

Chifukwa cha ichi, kuotcha njerwa zoyesa pamoto wa poyera, monga amai aotchera miphika, sikukwanira, pakuti moto wotere sufika pamenepo ndipo sukhalitsa. Njira yabwino koposa ndiyo kupempha mnansi amene ayamba msanga kuotcha kuti alole njerwa zoyesa zilowe mu uvuni wake. Ziikidwe pa malo atatu: zina pafupi ndi ngalande ya moto, zina pakati pa uvuni, zina chakunja, ndipo pamalo aliwonse pakhale njerwa za magulu onse moyandikana. Ngati palibe mnansi woteroyo, munthu amange kauvuni kakang'ono ka ngalande imodzi ndi njerwa zakale, akamate bwino ndi thope, nayambe ndi moto wofatsa tsiku lathunthu kufikira utsi woyera wa nthunzi utatha, ndipo pokhapo akoleze moto waukulu. Uvuni usafumulidwe usanazizire wokha.

Njerwa zikatuluka, choyamba ndicho kuzimvera. Ziwiri zikaombanitsidwa zilire ngati chitsulo. Zikamveka ngati chikuni chofumbwa, mwina sizinapse, mwina ziri ndi mng'alu wobisika. Chachiwiri ndicho kugwetsa njerwa chafulati pa nthaka yolimba kuchokera m'chiuno, ndipo yabwino siithyoka. Chachitatu ndicho kuthyola imodzi ndi nyundo ndi kuona m'kati. M'kati mukakhala mwakuda pamene kunja kuli kofiira, ndiye kuti dothi linali ndi zoola zambiri, kapena moto unakwezedwa msanga, kunja nkutsekeka m'kati musanapse.

Pano pafunika kusiyanitsa cholakwa cha moto ndi cholakwa cha dothi, pakuti ambiri ataya dothi labwino chifukwa cha uvuni woipa. Ichi ndicho chifukwa choikira magulu onse moyandikana. Ngati njerwa zonse za pamalo amodzi, pamodzi ndi za mwini uvuni, zatuluka zotuwa ndi zofooka, mlandu ndi wa moto. Koma ngati gulu limodzi lalimba ndipo linzake loyandikana nalo lanyenyeka, mlandu ndi wa dothi. Njerwa za pakati pa uvuni ndizo zoweruzira, chifukwa njerwa zambiri za uvuni weniweni zidzapsa monga izo. Za pafupi ndi moto zisonyeza ngati dothi lisungunuka ndi kupindika moto ukakula, monga lichitira dothi la soda wambiri.

MADZI, NJEREZA NDI MCHERE

Yeso la moto silitha tsiku lofumula uvuni. Njerwa yopsa iyesedwe pa sikelo ikali youma, kenaka imizidwe m'madzi usana ndi usiku, ipukutidwe, ndi kuyesedwanso. Njerwa yabwino siyenera kumwa madzi opitirira gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwake. Ngati youma ilemera makilogalamu 2.8, madzi asapitirire magalamu 560. Yeso limeneli liri ndi tanthauzo lalikulu m'chigwa, kumene madzi aima m'midzi mitsinje ikadzaza, monga zinachitikira ku Mfuwe kumayambiriro a chaka cha 2007 pamene Luangwa anasefukira. Khoma ligwa kuyambira pansi, ndipo njerwa za m'mizere yoyamba ndizo zikhala m'madzi masiku ambiri.

Mlimi wa kwa Mnkhanya wapeza kuti njerwa za ndowa zitatu ndi imodzi zilira bwino, sizithyoka pogwetsa, ndipo yolemera makilogalamu 2.8 yamwa magalamu 450, ndiwo magawo 16 pa 100. Za ndowa ziwiri ndi imodzi zilira mosamveka bwino, imodzi yathyoka pogwetsa, ndipo yamwa magalamu 650, ndiwo magawo 23 pa 100. Gulu limene linaoneka labwino koposa pouma lagonja pamoto, chifukwa mchenga unachuluka ndipo dongo lomata linachepa. Za kumtsinje zitulutsa fumbi pozikanda ndi msomali. Tsono muyeso wake wadziwika: zitatu za pachulu, imodzi ya mchenga.

Patsala adani awiri amene aoneka mochedwa. Woyamba ndi njereza. Timiyala toyera tija topezeka m'makande ndi m'dothi la pansi pa tsanya tikapsa tisanduka laimu wamoto. Njerwa ituluka mu uvuni yooneka bwino, koma patapita masiku laimuyo amwa chinyontho, atupa, nabenthula njerwa, ndipo pakati pa bala paoneka kadontho koyera ngati ufa. Kamwala kochepa ngati njere ya mapira kangathe kubenthula kachigamba, ndipo kofanana ndi nyemba kangathe kung'amba njerwa yonse. Munthu angathe kutizindikira timiyalati asanaumbe: akaphwanya kamodzi ndi kudonthezapo viniga kapena madzi a ndimu, kachita thovu. Ndipo njerwa zoyesa zisungidwe masabata awiri zitanyowetsedwa, kuti aone ngati zibenthuka. Dothi la njereza pang'ono lingapulumuke polisefa louma ndi sefa wa mabowo ang'ono, koma la njereza wambiri lisiyidwe.

Mdani wachiwiri ndi mchere. Njerwa yopsa iimikidwe chamutu m'mbale ya madzi a mvula kapena madzi ena osawawa, akuya masentimita 2 kapena 3, pamthunzi, kufikira madzi atauma, ndipo zibwerezedwe kawiri. Pamwamba pa njerwa pakaoneka ufa woyera wochepa, palibe choopsa. Koma ukakuta theka la njerwa, kapena khungu la njerwa likayamba kusupuka, dothilo liri ndi mchere wambiri, ndipo khoma lake lidzasupula pulasitala chaka ndi chaka. Nthawi zina mcherewo suchokera m'dothi koma m'madzi opondera, pakuti zitsime zina za m'chigwa ziri ndi madzi a mchere. Chotero madzi oyesera akhale a komwe kudzatungidwa madzi oumbira.

KUKONZA CHIKOMBOLE NDI KUSUNGA MUYESO

Timizere tija tiri ndi ntchito inanso. Njerwa za mlimi uja zinafupika mamilimita 6 pouma ndi milimita imodzi pamoto, pamodzi 7, ndiko kuti pa mamilimita 100 patsala 93. Iye afuna njerwa yopsa yotalika masentimita 22, m'lifupi 10.5, ndi msinkhu 7. Akapanga chikombole cha miyeso yomweyo, njerwa zidzatuluka zazing'ono, ndipo mmisiri adzadzaza mipata ndi dothi kapena simenti yambiri. Kuti apeze muyeso wa chikombole, agawe muyeso wofunikawo ndi 93, nachulukitse ndi 100. Chotero kalipentala auzidwe kuti m'kati mwa chikombole mukhale masentimita 23.7 m'litali, 11.3 m'lifupi, ndi 7.5 kuya kwake. Chikombole chobwereka kwa munthu wa dothi lina sichingapatse muyeso womwewo.

Chotsiriza ndicho kusunga muyeso kufikira ntchito itatha. Anthu ambiri ayesa bwino poyamba, koma pa tsiku lachitatu aleka kuwerenga ndowa nayamba kuthira mchenga ndi maso. Mwini ntchito aonetsetse kuti ndowa kapena wilibala yoyesera ndi imodzi, ndi kuti dothi ndi mchenga zisakanizidwa zouma madzi asanathiridwe, ndipo zigona usiku zisanapondedwe. Nkhuti ikazama ndipo maonekedwe a dothi akasintha, ntchito iime pang'ono, apotenso chingwe, ndi kulemba timizere pa njerwa zingapo za tsikulo. Mchenga utapidwe pakati pa mtsinje wouma, osati kugumula gombe, chifukwa gombe logumulidwa lidya munda dzinja likafika.

Mtengo wa tsanya ukula pang'onopang'ono, ndipo uvuni umodzi udya mitengo imene inatenga zaka zambiri kukula. Kudula mitengo yootchera njerwa kuli ndi malamulo ake, ndipo woumba ayenera kuyamba waonana ndi mfumu ya mudzi ndi a ofesi ya za nkhalango. Nkhuni zovuta kupeza chotero siziyenera kuthera pa dothi losayesedwa. Munthu amene apereka masabata asanu ndi ndowa zochepa za dothi pa mayeso atatuwa aotcha kamodzi kokha, ndipo pofumula uvuni adziwa kale chimene adzapezamo.